Mmene ndimagulitsira mazira ndi anapiye m'tauni ndili ku Mitundu

Khola langa lili kufupi ndi Mitundu, njira ya ku Bunda, koma pafupifupi onse amene amandigula ali mumzinda wa Lilongwe: ku Biwi, ku Kawale, ku Area 36, ena mpaka ku Area 25. Ambiri mwa iwo sanafikepo pakhola. Amandidziwira pa foni basi, ndipo chimene amaona ndi uthenga umene ndalemba. Ndiye ndikufuna ndifotokoze za uthenga umenewo, chifukwa alimi anzanga ambiri nkhuku amaweta bwino kuposa ine, koma akafika polengeza malonda amangojambula mazira n'kulemba kuti "mazira alipo, imbani." Munthu wa m'tauni saimba. Ali kuntchito, kapena ali mu okala mwake akupimira anthu shuga, ndipo mayunitsi ake sangawathere pokufunsani zinthu zimene mukanalemba kale. Akaona kuti mtengo palibe, tsiku palibe, amapita kwa wina amene walemba zonse.

Ndili ndi makola awiri osiyana. Lina ndi la nkhuku za mazira zofiira zija, pafupifupi 300, zopanda tambala. Linalo ndi la nkhuku za Mikolongwe, zakuda zija, zimene zili ndi atambala ake, tambala mmodzi pa zazikazi 8 kapena 10, ndipo mazira ake ndi amene ndimaika m'makina oswetsera. Kusiyana kumeneku ndimakulemba poyera nthawi zonse, chifukwa alipo anthu amene amagula thileyi ya mazira odya n'kukaikira nkhuku yawo ya lokolo kuti ifungatire. Pakatha masabata atatu osaswa ngakhale limodzi, dzina loipa limakhala lanu. Mazira a nkhuku zopanda tambala saswa, ndipo chiganizo chimodzi chokha mu uthenga chimathetsa mlandu wonsewo.

Ogula mazira ndi ogula anapiye ndi anthu awiri osiyana, moti sindiwatumizira uthenga umodzi. Wa mazira akufuna kudziwa ngati mufika Lachiwiri monga mwa masiku onse. Wa anapiye akufuna kudziwa tsiku limene adzaswe, kuti akonzeretu khola, makala ndi chakudya. Pa WhatsApp ndili ndi mindandanda iwiri yotumizira anthu ambiri nthawi imodzi. Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: uthenga wa pamndandanda wotere umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Ndiye kasitomala watsopano aliyense ndimamupempha pompo kuti, "Achimwene, sungani nambalayi, mulembe kuti mayi a mazira," ndipo ndimadikira ndione kuti wasungadi. Magulu aja oti aliyense alembemo ndinawasiya kalekale. Mumadzadza mapemphero a m'mawa ndi malonda a anthu ena, mpaka uthenga wanu wa mtengo umakwiririka.

Ndiyambe ndi mazira, chifukwa ndi amene amabweretsa ndalama ya chakudya cha nkhuku sabata ndi sabata.

Nkhuku 300 zikamaikira bwino zimandipatsa mazira pafupifupi 240 patsiku, amene ndi mathileyi 8 a mazira 30. Pa sabata ndi mathileyi 56. Koma ine sindilonjeza 56. Ndimalonjeza 45, chifukwa ena amasweka, ena amadetsedwa ndi zitosi, ndipo kukatentha kwambiri mu Okutobala kapena chakudya chikasintha pang'ono, nkhuku zimachepetsa kuikira osakuuzani. Otsalawo ndimagulitsa pakhomo kwa anthu a m'mudzi muno kapena kwa amene waimba mwadzidzidzi. Wa golosale amene mwamulonjeza mathileyi 10 n'kumupatsa 7 sakalipa ayi. Amangoti "zikomo amayi," sabata yamawa n'kuoda kwina, inu osadziwa chimene chalakwika.

Uthenga wanga wa mazira ndimautumiza Lamlungu madzulo, ndipo umakhala chonchi. Mitengoyi ndi ya sabata imene ndinaulemba, musatengere pamenepa:

"Mazira a sabata ino, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Thileyi ya mazira 30: akuluakulu K12,000, ang'onoang'ono K10,500. Ndi mazira odya, si oswetsa. Ndimabweretsa Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa: Area 36, Biwi, Mchesi, Kawale. Kuyambira mathileyi 5 ndikufikitsirani pamalo panu ulere. Ochepera apo tikumane pa siteji. Odani pofika 6 koloko madzulo a dzulo lake, mulembe dzina, dera ndi chiwerengero cha mathileyi. Kulipira ndi polandira, kashi kapena Airtel Money kapena Mpamba pa nambala yomwe ino. Konzeranitu mathileyi opanda kanthu tisinthane. Osweka tiwerengera limodzi ndikadali pompo."

Mawu oti "a sabata ino" ndi ofunika kuposa mmene amaonekera. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chakudya cha nkhuku sukhalitsa malo amodzi, ndipo chimanga kapena soya zikakwera, thumba la chakudya limakwera nthawi yomweyo. Uthenga wa pa foni sufa. Munthu amausunga, kapena amautumiza kwa mlamu wake, ndipo pakatha miyezi iwiri wina amabwera nawo n'kumati munalemba nokha mtengo uwu. Mukalemba malire a masiku, palibe chokangana. Mtengo ndikafuna kukweza ndimanena sabata imodzi isanakwane, chifukwa wogulitsa mazira ophika pa depoti kapena wokazinga chipisi nayenso amafunika nthawi yoti auze anthu ake.

Kusankha mazira kukula kwake ndinayamba chifukwa cha amayi ena ophika makeke ku Area 25. Iwo amafuna dzira lofanana thileyi yonse, chifukwa muyeso wawo wa ufa ndi shuga umayendera kukula kwa dzira. Koma anyamata a chipisi ndi ogulitsa ophika amakonda ang'onoang'ono, poti iwo amagulitsa dzira limodzilimodzi ndipo phindu lawo lili pa kutsika kwa mtengo wa thileyi. Misoti ikangoyamba kumene kuikira, pamasabata 18 mpaka 20, mazira ake amakhala ang'ono kwa kanthawi. Nthawi imeneyo sindiwabisa pakati pa akuluakulu. Ndimawalengeza padera kwa anyamata a chipisi aja, ndipo amatha msanga kuposa enawo.

Chithunzi ndimajambula cha mazira enieni a tsiku limenelo, ali m'thileyi pakhonde, kunja kukuwala. Zithunzi zotola pa intaneti za mazira oyera mbee ali m'dengu lokongola anthu anazitulukira kale, amadziwa kuti si zanu. Mazira sinditsuka ndi madzi, chifukwa madzi amachotsa kachikuta kamene kamatseka timabowo ta chigoba, dzira n'kuonongeka msanga. Lodetsedwa pang'ono ndimalipukuta ndi kansalu kouma, lodetsedwa kwambiri timadya pakhomo. Poika m'thileyi, mbali yosongoka imayang'ana pansi. Pa thileyi yapamwamba ndimalemba ndi pensulo tsiku limene ndinatola. Wa golosale wina ku Kawale anandiimbira tsiku lina kuti mazira anga anthu akubweza, akuti ndi ovunda. Nditafika ndinapeza mathileyi anga atsopano ali pamwamba, pansi pake pali ena awiri a tsiku la masabata atatu apitawo, atakhala pafupi ndi zenera lolowa dzuwa. Iwo ankangogulitsa apamwamba, apansi n'kumagonera. Tinatunga madzi m'beseni, dzira latsopano linamira n'kugona chammbali, lakale lija linayandama. Sitinakangane. Ndinangowapempha kuti, "Bambo, muzitsiriza kaye akale musanatsegule atsopano," ndipo tinachepetsa oda yawo kuchoka pa 6 kufika pa 4.

Ngongole ya mazira ndili nayo njira imodzi: thileyi zatsopano zimatsika zakale zikalipiridwa. Kwa amene ndagwira nawo ntchito nthawi yaitali ndimalola kuti za Lachiwiri alipire Lachisanu, osapitirira apo. Ndipo sukulu zikamatseka ndimadziwiratu kuti oda za pafupi ndi sukulu zitsika, ndiye sabata imeneyo ndimalimbikira kulengeza kwa a m'maofesi ndi a m'nyumba, makamaka ikagwera kumapeto kwa mwezi anthu atalandira.

Tsopano anapiye, kumene kuli nkhani yaikulu.

Dzira likhoza kudikira wogula masiku angapo. Mwanapiye sadikira. Akangoswa ali ndi kachakudya kake m'mimba, kotsalira ku chikasu cha dzira, kamene kamamusunga masiku awiri kapena atatu. Kupitirira apo akufuna moto, madzi ndi chakudya, ndipo ngati wogula sanapezeke ndinu amene mukulipira zonsezo, komanso si wa tsiku limodzinso monga munalengezera. N'chifukwa chake anapiye ndimawagulitsa mazira asanalowe m'makina. Kulengeza ataswa kale kuli ngati kuyamba kuitana anthu ku ukwati nsima ili kale m'mbale.

Ndifotokoze gulu limodzi mmene linayendera. Makina anga amalowa mazira 528. Ndinkafuna anapiye a kumapeto kwa Ogasiti, chifukwa nkhuku ya Mikolongwe yoswa nthawi imeneyo imafika Khirisimasi ili ndi miyezi pafupifupi inayi, atambala ake atakula moti munthu angagulitse kapena kupha. Mfundo imeneyi ndi imene ndinaika patsogolo polengeza, chifukwa ndi imene wogula wa m'tauni amaiganizira. Mazira ndinakonza zoika Lachitatu pa 6 Ogasiti. Nkhuku imaswa pa masiku 21, ndiye tsiku loswa linali Lachitatu pa 27, ndipo lotenga ndinaika Lachinayi pa 28 m'mawa, kuti ochedwa kuswa atsirize ndiponso onse aume bwino. Ndimakonda masiku apakati pa sabata chifukwa china chikavuta, Lachisanu ndi Loweruka zikadalipo zoti n'kukonzera. Mazira oswetsa sindisunga kupitirira masiku 7 ndisanawaike, poti akakhalitsa ambiri saswa, ndiye kutolera kunayamba sabata imodzi m'mbuyo mwake, ndipo kulengeza kunayamba sabata ziwiri m'mbuyo.

Uthenga wake unali uwu:

"Anapiye a Mikolongwe a tsiku limodzi, otenga Lachinayi pa 28 Ogasiti. Pofika Khirisimasi adzakhala ndi miyezi inayi. Mmodzi K2,000. Oda imayambira pa 25. Ndi osasankha, aamuna ndi aakazi ali pamodzi. Alipo malo a anapiye 350 okha. Kubukitsa ndi theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba pofika pa 5 Ogasiti, yotsala polandira. Mukatumiza, ndilembereni dzina lanu, dera ndi chiwerengero, ndikuyankhani kuti mwalowa m'kaundula. Kotengera: m'tauni, 7 koloko mpaka 9 koloko m'mawa, malo ndidzakuuzani. Pa anapiye 100 alionse ndimaonjezera awiri. Sanalandire katemera, ndondomeko ya katemera ndidzakupatsani papepala."

Muona kuti makina ndi a 528 koma ndinalengeza 350. Pamazira amene mwaika, ena amakhala opanda mwana, ena mwana amafera m'kati, ena amaswa ofooka. Kwa ine zikayenda bwino ndimapeza anapiye abwino pafupifupi atatu pa mazira anayi alionse, koma magetsi akazima usiku jenereta n'kuchedwa kulira, chiwerengerocho chimatsika. Choncho ndimagulitsiratu ochepera pa amene ndikuyembekeza, ndipo anthu obwera malo atatha ndimawalemba pamndandanda wodikira, osalandira ndalama yawo. Kubweza dipoziti kwa munthu amene wagula kale makala ndi thumba la chakudya cha anapiye chotchedwa sitata ndi chinthu chimene sachiiwala.

Mawu oti "osasankha" amandipulumutsa ku mikangano yambiri. Pafupifupi aliyense amafuna aakazi okhaokha. Anapiye a Mikolongwe a tsiku limodzi amaoneka ofanana, akuda ndi kuyera kukhosi ndi kumimba, ndipo ine sindingathe kuwasiyanitsa ndi maso. Pa 100 yembekezani kuti pafupifupi theka ndi atambala, nthawi zina kupitirira pang'ono, nthawi zina kuchepera. Alipo ogulitsa ena amene amagwira mwanapiye miyendo n'kumuzondotsa, amvekere uyu ndi wamkazi. Zimenezo n'zongosangalatsa wogula. Amene akufunadi misoti yokhayokha ndimamuuza kuti adikire ndimulerere mpaka masabata 6 kapena 8, pamene lipombo ndi miyendo zayamba kuonetsa, koma mtengo wake ndi wina.

Za katemera lembani chimene mwachitadi. Makampani akuluakulu oswetsa amabaya anapiye katemera asanatuluke, ndiye ogula ena amaganiza kuti mwanapiye aliyense wa tsiku limodzi ndi wotemera kale. Anga satuluka atatemera, ndipo ndimanena. Papepala limene ndimapereka ndimalembapo katemera wa chitopa sabata yoyamba, wa gumboro cha m'sabata yachiwiri, ndi kubwereza kwake monga anandilangizira alangizi a ziweto a kwathu kuno, komanso ndimauza wogula kuti akaonane ndi alangizi a m'dera lake. Izi n'zofunika kwambiri pa gulu la Ogasiti, chifukwa miyezi yotentha imene ikutsatira ndi imene chitopa chimasesa nkhuku m'midzi ndi m'makomboni. Botolo la katemera limakhala la nkhuku mazanamazana ndipo likasungunulidwa siligona, ndiye wa anapiye 25 amaona ngati n'kutaya ndalama. Ndimawalumikiza ogula a dera limodzi, atavomera okha, kuti agule botolo limodzi n'kutemera tsiku limodzi.

Mwa amene anabukitsa gulu limenelo munali amayi ena a ku Area 25, aphunzitsi, oyamba kumene kuweta. Anafuna 100, ndiye ndalama yonse inali K200,000, dipoziti K100,000. Ananditumizira chithunzi cha uthenga wosonyeza kuti ndalama yapita. Ndinawayankha kuti, "Zikomo amayi, ndione kaye kuno." Sikuti ndinkawakayikira iwowo, koma ndi lamulo langa kwa aliyense: chithunzi si ndalama. Mauthenga abodza onena kuti mwalandira ndalama alipo ambiri, ena amabwera ndi munthu woimba akulira kuti watumiza molakwitsa mumubwezere. Ine ndimalowa ndekha mu akaunti n'kuona ngati balansi yakweradi. Ikakwera ndimalemba m'kope dzina, dera, chiwerengero, ndalama yolowa ndi yotsala, kenako ndimatumiza uthenga wobwereza zonsezo kwa mwiniwake: "Mwabukitsa anapiye 100 a pa 28 Ogasiti, mwalipira K100,000, yatsala K100,000." Uthenga umenewo ndiwo lisiti yake, ndipo pansi pake ndimalembaponso lamulo la anapiye osatengedwa tsiku lake. Nkhani ya ndalama yotapira kwa ejenti ndimaithetseratu poyamba, ndinaiphatikiza kale mu mtengo, kuti tisamakanganirane timakwacha pa tsiku lotenga.

Pakati pa kubukitsa ndi kutenga pali masabata atatu amene munthu wapereka ndalama koma sakuona kanthu. Mukakhala chete, mtima wake umayamba kukayika. Ine ndimalankhula nawo kawiri, ndipo kawiri konseko kamagwirizana ndi ntchito ya m'makina. Pa tsiku la 7, limene linali pa 13 Ogasiti, ndinaunika mazira ndi tochi mumdima. Dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira, lopanda mwana limangowala mbee. Ndinachotsa 58, kutsala 470, ndipo ndinalembera onse kuti gulu lili bwino, tsiku silinasinthe. Pa tsiku la 18, pamene ndimasiya kutembenuza mazira n'kuwasamutsira m'mabasiketi oswera, ndinachotsanso ena pang'ono, n'kutumiza uthenga wachiwiri. Umenewu ndi wofunsa: kodi mofunditsira mwakonza?

Amayi a ku Area 25 aja anayankha kuti zonse zili bwino, aika kale katoni yaikulu m'chipinda chosungira katundu. Ndinawapempha chithunzi. Inali katoni ya firiji, pansi pali simenti yokhayokha, ndi babu limodzi laling'ono losatentha, aja osunga magetsi. Anapiye 100 akanagona mmenemo usiku umodzi, m'mawa akanaunjikana pakona, apansi atafa, ndipo foni yoyamba ikanabwera kwa ine kuti ndawagulitsa odwala. Tinakambirana pa foni. Anazunguliza malo ndi malata afulati kuti pasakhale makona, anathira mankhusu a mpunga pansi, anagula mbaula ndi makala, zomwera zitatu ndi thumba la sitata. Ndinawauza kuti makala aziyatsira panja mpaka utsi uthe, ndipo asatseke mpweya wonse m'chipindamo. Sabata yoyamba anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 pamene iwo ali, koma popanda choyezera anapiyewo amanena okha: akaunjikana pafupi ndi moto akulira, kwazizira, akathawira kumphepete atayasamula, kwatentha, akamwazikana bwinobwino akujompha, zili bwino. Ena amati zimenezi si ntchito ya wogulitsa. Kwa ine ndi mbali ya kutsatsa komweko, chifukwa ku Area 25 anthu amafunsana kuti munagula kwa ndani, ndipo amafunsa akaona nkhuku zamoyo.

Pa tsiku loswa anatuluka 412. Ndinapatula 14: ena mchombo sunatsekeke bwino, unali wonyowa kapena wakuda, ena miyendo yotambalala osatha kuima, ena ofooka maso ali otseka. Otere sindiika m'bokosi la munthu ngakhale ngati basela, chifukwa amafa m'masiku oyamba ndipo wogula amangowerenga mitembo, sakumbukira kuti anali aulere. Abwino anatsala 398. Nditachotsa 350 obukitsidwa ndi oonjezera aja, otsalawo ndinaimbira a pamndandanda wodikira madzulo omwewo, n'kusungako apadera ochepa.

Mabokosi a anapiye amakhala ndi zipinda zinayi, chilichonse cha 25, ndi mabowo a mpweya m'mbali. Ichi n'chifukwa chake oda yanga imayambira pa 25 n'kumakwera ndi 25, kuwerenga kumaphweka ndipo anapiye ochepa kwambiri m'bokosi amazizidwa panjira. Pa bokosi lililonse ndimalemba dzina la mwini usiku womwewo. Ndimanyamuka kusanatenthe, ndipo mabokosi sindiika m'buti yotseka kapena pafupi ndi injini. Kutentha kumapha anapiye msanga kuposa kuzizira: theka la ola m'galimoto yoima padzuwa mawindo ali otseka likhoza kutha bokosi lonse. Pa chifukwa chomwecho sindipatsira kondakitala wa minibasi kuti akasiye kwa munthu. Sadziwa chimene chili m'katimo, ndipo pamwamba pake akhoza kusanjikapo thumba la mbatata. Amene watuma wakabaza, ndimafuna andiuziretu dzina lake, ndipo ndimamuonetsa mmene amangire bokosi osatseka mabowo.

Malo otengera ndimasankha amodzi, a mthunzi, pafupi ndi siteji yodziwika, ndipo ndimawanena kwa okhawo amene alipira dipoziti. Aliyense timatsegula bokosi limodzi, kuwerenga limodzi, iye n'kuona yekha kuti onse aima ndipo maso ali gwa. Wakufa kapena wofooka wopezeka pamenepo ndimasintha pompo, ndimakhala nditanyamula apadera ochepa. Akachoka, za m'khola mwake ndi zake, kupatula ngati anthu angapo a gulu lomwelo andiuza vuto lofanana m'masiku atatu oyamba. Zikatero ndimadziwa kuti gwero lili kwa ine, m'makina kapena m'nkhuku zoikira, ndipo ndimabwezera pa gulu lotsatira. Lamulo limeneli ndimalinena pobukitsa, osati maliro a anapiye atachitika.

Tsiku limenelo bambo mmodzi wa anapiye 50 sanabwere. Foni inkangoitana. Ndinadikira mpaka 10 koloko, n'kubwerera nawo kumudzi kukawaika pamoto. Anaimba Loweruka kuti anali kumaliro ku Dedza. Zamaliro sitikangana nazo, ndinawapepesa, koma ndinawakumbutsa zimene zinali mu uthenga wa lisiti: osatengedwa tsiku lake ndimawasunga masiku atatu, ndipo pa tsiku lililonse pali kandalama ka makala ndi chakudya pa mwanapiye aliyense, kupitirira apo ndimagulitsa kwa wina, dipoziti n'kusamukira ku gulu lotsatira. Anatuma mphwawo tsiku lomwelo, analipira za masiku awiri, nkhani n'kutha. Chiganizo chimenecho chikanakhala kuti sichinalembedwe, ndikanaoneka wouma mtima pa nthawi ya chisoni.

Amayi a ku Area 25 ndinawauza kuti akafika kunyumba ayambe ndi madzi ofunda pang'ono othira glukosi kapena shuga wochepa, aviike kamlomo ka anapiye angapo kuti enawo aonere, ndipo chakudya athire papepala pakatha ola limodzi kapena awiri. M'mawa mwake ndinawaimbira, monga ndimachitira ndi aliyense wogula koyamba, n'kuwapempha kuti agwire anapiye khumi pachithokomiro. Chikakhala chodzadza ndi chofewa, adya ndipo amwa. Chikakhala cholimba, adya koma madzi sakuwapeza. Chikakhala chopanda kanthu kwa ambiri, kawirikawiri ndiye kuti kwazizira ndipo sakuchoka pamoto. Mwa khumi awo, asanu ndi anayi anali okhuta. Sabata yoyamba inatha atataya atatu, awiri mwa iwo atamira m'chomwera chimene chinali chakuya, ndipo anaikamo timiyala.

Kulengeza kwa gulu lotsatira ndinakuyamba tsiku lomwelo lotenga, chifukwa makina akatsukidwa ndi kuuma amalowanso mazira ena m'masiku ochepa. Pa sitetasi ndinaika kavidiyo kafupi ka mabokosi ali otsegula, anapiye akulira, ndi tsiku la gulu linalo pansi pake. Sitetasi imakhala maola 24 okha, ndiye ndimaibwereza masiku angapo, koma tsatanetsatane wa kaodedwe ndimatumiza ku mndandanda uja kuti munthu akhale nawo m'foni. Patapita masabata asanu amayi aja ananditumizira chithunzi cha nkhuku zawo zitamera nthenga, ndipo nditawapempha chilolezo ndinachiika pa sitetasi popanda dzina lawo kapena nyumba yawo kuoneka. Pa anthu amene anabukitsa gulu la Okutobala, anayi anali aphunzitsi a pasukulu pawo, ndipo poti kunali kutatentha, nthawi yotengera ndinaibweza kukhala 6 koloko mpaka 8 koloko.